Mwasintha saizi, mtundu kapena kapakidwe ka katundu: mafunso ndi mayankho pa kupempha koteshoni yatsopano

Ndimathandiza gulu lina la alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota pa nkhani yogula mapaketi apulasitiki olongedzamo mpunga, aja osindikizidwa dzina la gulu. Mapaketiwo timaitanitsa ku kampani za ku Lilongwe, nthawi zina ku Blantyre. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anzanga a magulu ena, a kuno ndi a ku Salima, amandifunsa kawirikawiri akasintha maganizo koteshoni itabwera kale. Ndiyankha potengera mapaketi a mpunga poti ndi omwe ndimawadziwa. Ndalama zomwe ndatchula ndi zachitsanzo chabe, zoti masamu aoneke bwino, si mitengo ya kampani iliyonse.

Tangosintha pang'ono chabe. Kodi koteshoni yakale ija siingagwirebe ntchito?

Ayi. Koteshoni ndi mtengo wa katundu amene walembedwa pa pepalalo, monga momwe walembedwera, osati wa katundu amene ali m'mutu mwanu lero. Ngati pepala likuti mapaketi 2,000 a makilogalamu 5, osindikizidwa mtundu umodzi wobiriwira, ndiye kuti wogulitsa wakulonjezani zimenezo basi. Mukangonena kuti tsopano mukufuna a makilogalamu 2, lonjezo lija latha, ndipo palibe mtengo womwe mwagwirizana mpaka pepala lina litabwera.

Chomwe chimapusitsa anthu ndi chakuti kwa ife ogula kusinthako kumaoneka kochepa. Timati paketi ndi paketi. Koma kufakitale, saizi ina ndiye kuti pulasitiki wa mulifupi wina, puleti ina yosindikizira, ndiponso kutchera makina mwatsopano. Kwa iwo imeneyo ndi oda ina.

Paketi yaing'ono iyenera kutsika mtengo. Nanga bwanji ndalama zonse zakwera?

Funso limeneli ndi lomwe limautsa mkangano pa misonkhano ya gulu, ndiye ndilikhalira pang'ono.

Tinene kuti gulu lili ndi mpunga wa Kilombero wopuntha kale wokwana makilogalamu 10,000. Poyamba munaganiza zoulongedza m'mapaketi a makilogalamu 5, ndiye munafunsa mtengo wa mapaketi 2,000. Koteshoni inabwera: paketi imodzi K450, onse pamodzi K900,000, kuphatikiza puleti imodzi ya mtundu wobiriwira ya K150,000. Zonse K1,050,000. Mukagawa ndalamazi ndi makilogalamu 10,000 aja, mupeza kuti kulongedza kukudya K105 pa kilogalamu iliyonse ya mpunga.

Kenako mwini golosale wina wa pa Kamuzu Road ku Salima akukuuzani kuti makasitomala ake sakwanitsa paketi yaikulu, amene amayenda ndi a makilogalamu 2. Mwamvera. Mpunga ndi womwe uja, koma tsopano ukufuna mapaketi 5,000, osati 2,000.

Apa ambiri amawerengera chamumtima kuti poti makilogalamu 2 safika ndi theka lomwe la makilogalamu 5, mtengo wa paketinso usafike theka. Pulasitiki sayenda choncho. Tengani tepi muyeze. Paketi ya makilogalamu 5 ikhoza kukhala masentimita 30 mulifupi ndi 45 mulitali, pomwe ya makilogalamu 2 ikhoza kukhala 22 ndi 33. Mukachulukitsa, yaikulu ikupereka 1,350 ndipo yaing'ono 726. Yaing'onoyo ikudya pulasitiki woposa theka la yaikulu, chonsecho mpunga wolowamo sufika theka. Mukawerengera mapaketi onse 5,000, pulasitiki yense wawonjezekera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Onjezani kuti paketi iliyonse, ikule ichepe, imafuna kudulidwa, kumatidwa pansi ndi kusindikizidwa payokha.

Choncho koteshoni yatsopano ikabwera ndi K320 pa paketi, musafulumire kuomba m'manja kuti mtengo watsika kuchoka pa K450. Mapaketi 5,000 pa K320 ndi K1,600,000, mapuleti tisanawawerengere. Ngakhale mtundu utakhala umodzi womwe uja, puleti imodzi ya K150,000 ikufikitsa zonse pa K1,750,000, kutanthauza K175 pa kilogalamu. Nambala yoyenera kuiyang'ana ndi imeneyi, ya pa kilogalamu ya mpunga, chifukwa ndi yomwe idzalowe pa mtengo wogulitsira. Ya pa paketi imanyenga maso.

Tawonjezera mtundu umodzi wokha pa dizaini. Chadula n'chiyani pamenepa, inki?

Inki ndi kachigawo kochepa. Chodula ndi puleti. Pa makina omwe amasindikiza mapaketi ambiri apulasitiki, mtundu uliwonse umakhala ndi puleti yakeyake, ndipo pulasitiki amadutsa pa mapuletiwo motsatizana. Mtundu umodzi, puleti imodzi. Mwawonjezera wofiira pa dzina la gulu, mapuleti akhala awiri.

Pali msampha wina womwe unatigwira ife. Paketi yathu inali yoonekera mkati kuti wogula aziona mpunga. Inki yofiira ikasindikizidwa pa pulasitiki woonekera imazimirira, makamaka mpunga ukakhala kumbuyo kwake. Kuti iwale, amayamba ayala inki yoyera pansi pake. Choyera chimenecho ife sitinkachiwerengera ngati mtundu, koma kufakitale ndi mtundu ndithu, ndipo chili ndi puleti yake. Tinapempha mitundu iwiri, koteshoni inabwera ndi itatu. Msungichuma wathu, mayi wosalola ngakhale K50 kusowa m'buku, anaimba foni ali wolusa kuti atiwonjezera dala. Atamufotokozera anangoti, "Ndiye bwanji simunanene poyamba, achimwene?" Anali ndi mfundo, koma nafenso sitinafunse.

Pa chitsanzo chathu chija, mapuleti atatu pa K150,000 ndi K450,000. Kuphatikiza ndi K1,600,000 ya mapaketi, zonse zafika K2,050,000, kapena kuti K205 pa kilogalamu. Tinayambira pa K105.

Ndalama ya puleti imalipidwa kamodzi, bola dizaini ndi saizi zisasinthe. N'chifukwa chake muziumirira kuti ilembedwe pa mzere wakewake, isabisidwe mu mtengo wa paketi. Ikabisidwa, mudzailipiranso pa oda yachiwiri osadziwa.

Nanga tikangosintha mtundu, wobiriwira kukhala wabuluu, osawonjezera wina?

Ngati chithunzi ndi zilembo sizinasinthe, puleti yomweyo ikhoza kugwira ntchito ndi inki ina, ndipo mtengo sungasunthe kwambiri. Pemphanibe pepala latsopano, chifukwa vuto pano si ndalama koma mtundu weniweniwo. Mawu akuti wabuluu ali ndi mitundu yambirimbiri m'kati mwake, ndipo chomwe mukuona pa foni yanu si chomwe akuona pa kompyuta yawo. Osindikiza amagwiritsa ntchito manambala a mitundu a Pantone. Apempheni alembe nambala ya mtunduwo pa koteshoni, kapena atumizireni kachidutswa ka pepala kapena ka pulasitiki komwe kali ndi mtundu womwe mukufunawo.

Kodi ndingangoimba foni n'kuwauza zomwe zasintha?

Imbani kuti adziwe msanga, makamaka ngati mukuopa kuti ayamba kale ntchito. Koma mukatsitsa foni, lembani zomwe mwanenazo pa WhatsApp kapena pa imelo. Amene mwayankhula naye pa foni nthawi zambiri si amene amatchera makina. Uthenga wapakamwa ukadutsa anthu atatu, makilogalamu 2 amatha kufika kufakitale ali 5 omwe aja.

Ndilembe chiyani mu uthengawo?

Zinthu zitatu zisasowe: koteshoni yomwe mukunena, zomwe zasintha, ndi zomwe sizinasinthe. Chachitatuchi anthu amachiiwala, pomwe ndi chomwe chimatseka mpata woti wogulitsa asinthe zina mwakachetechete. Uthenga womwe ine ndimatumiza umakhala wotere:

"Mwaswera bwanji bambo. Ndikulemba za koteshoni nambala 0412 ya pa 6 Juni, ya mapaketi a mpunga. Tasintha zinthu zitatu ndipo tikupempha koteshoni yatsopano.

Saizi: inali ya makilogalamu 5, masentimita 30 ndi 45. Tsopano ikhale ya makilogalamu 2, masentimita 22 ndi 33.
Chiwerengero: anali mapaketi 2,000. Tsopano akhale 5,000.
Mitundu: unali wobiriwira wokha. Tsopano wobiriwira ndi wofiira. Ngati pakufunika woyera wapansi, tiuzeni ndipo muulembe padera.

Zosasintha: pulasitiki woonekera mkati, kukhuthala kwa maikuloni 100, kusindikiza mbali imodzi.

Chonde lembani padera mtengo wa paketi imodzi, wa mapuleti, wa mayendedwe mpaka pa Nkhotakota boma, ndi msonkho wa VAT. Mutiuzenso masiku omwe ntchito itenge ndi tsiku lomwe mtengowu uthere mphamvu. Musayambe kupanga chilichonse potengera koteshoni yakale ija. Zikomo kwambiri."

Taonani kuti chilichonse chosintha chalembedwa kawiri, momwe chinalili ndi momwe chikhalire. Mukangolemba kuti "saizi ikhale yaing'ono", mwamusiyira wina ntchito yolota. Ndipo saizi muzipereka m'masentimita, osati m'makilogalamu okha. Paketi yokwana makilogalamu 2 a mpunga siikwana makilogalamu 2 a ufa, komanso pamwamba pamafunika kutsala malo omatira. Njira yosavuta ndiyo kupempha paketi yopanda kanthu ya saiziyo, kuthiramo mpunga wanu woyeza pa sikelo, n'kuyesa kumata ndi makina anu omatira.

Kapakidwe ka kunja nako kamafuna koteshoni ina?

Eya, ndipo kamaiwalika chifukwa kamabwera mochedwa. Mapaketi a makilogalamu 5 mumatha kuwasanja okhaokha m'galimoto. A makilogalamu 2 okwana 5,000 simungawanyamule imodziimodzi, ndipo eni mashopu amafuna atamangidwa m'mabelo, tinene khumikhumi. Apo pakufunika matumba akuluakulu akunja 500. Pa K400 limodzi, ndi K200,000 ina, yomwe ikuwonjezera K20 pa kilogalamu. Ngati kampani yomweyo imapanga matumba akunjawo, alowe pa koteshoni imodzimodziyo.

Palinso kapakidwe ka mapaketi opanda kanthuwo pobwera kwa inu. Nenani ngati mukufuna adzabwere m'mitolo ya 100 kapena ya 500, komanso ngati adzakhale m'makatoni kapena m'masaka. Makatoni amawonjezera mtengo pang'ono. Ife tinaphunzira kuwakonda titalandira saka lomwe linayenda pamwamba pa katundu wina mumsewu wa M5, litakhuzika pakona mpaka mapaketi a m'mphepete atabooka. Mitolo ya 100 imathandizanso powerenga katundu akafika, chifukwa palibe amene angakhale pansi kuwerenga mapaketi 5,000 imodziimodzi dalaivala akudikira.

Wogulitsa wangoyankha kuti "onjezerani K700,000 pa ija". Ndivomere?

Musavomere, ngakhale ndalamayo ikuoneka yabwino. Simukudziwa kuti K700,000 imeneyo yaphimba chiyani. Mwina ndi mapaketi okha, mapuleti adzatulukira pa invoisi. Mwina VAT mulibe. Yankhani mwaulemu kuti gulu silingatulutse ndalama popanda pepala, ndipo pemphani koteshoni yathunthu yokhala ndi nambala yatsopano kapena chizindikiro chosonyeza kuti ndi yokonzedwanso, tsiku latsopano, ndi mawu onena kuti ikulowa m'malo mwa yakale ija. Mapepala awiri okhala ndi nambala imodzi koma mitengo yosiyana ndi chiyambi cha mlandu. Ngati gulu lanu limatulutsa LPO, kalata yoitanitsira katundu, nayonso ilembedwe ina yotchula nambala yatsopanoyo.

Koteshoni yatsopano yafika. Ndiyang'ane pati?

Ikani mapepala awiriwo pa tebulo moyandikana, muyende ndi chala mzere ndi mzere. Zomwe munapempha kuti zisinthe muziona msanga. Chofunika kusakasaka ndi chomwe chasintha inu musanapemphe.

Malo oyamba ndi kukhuthala kwa pulasitiki, komwe amayeza m'maikuloni. Wogulitsa akaona kuti mtengo ukuthawitsani, amatha kuupepula pochepetsa kukhuthala, maikuloni 100 n'kukhala 70, osanena kanthu. Nthawi zina si chinyengo, poti paketi yaing'ono siisenza katundu wolemera ngati yaikulu. Koma chisankho chimenecho chikhale chanu, mutayesa sampulo poigwetsa pansi ili ndi mpunga. Kumbukiraninso kuti malamulo a dziko lino a chaka cha 2015 amaletsa mapulasitiki opyapyala osafika maikuloni 60, choncho nambala imeneyi isasowe pa pepala.

Malo achiwiri ndi chiwerengero. Kampani zambiri zili ndi mlingo wochepetsetsa womwe zimalola kupanga pa saizi iliyonse, chifukwa kutchera makina kumawononga pulasitiki ndi nthawi. Mukhoza kupempha 5,000 iwo n'kulemba 10,000. Funsaninso ngati chiwerengero chodzabwera chingapitirire kapena kuperewera pang'ono, poti makina saima ndendende pa nambala, ndipo mumve ngati mudzalipire zomwe zabwera kapena zomwe munaitanitsa.

Kenako onani ngati mayendedwe akadali m'kati. Koteshoni yoyamba ikhoza kunena kuti katundu adzafika pa Nkhotakota, yachiwiri n'kunena kuti mukatenge nokha kufakitale. Onaninso VAT, ndi gawo la ndalama lomwe akufuna mulipiretu.

Mtengo wa zinthu zomwe sitinasinthe nawonso wakwera. Kodi n'zololedwa?

Zimatengera tsiku. Koteshoni iliyonse imakhala ndi masiku omwe mtengo wake uli ndi mphamvu, kaya 7, 14 kapena 30. Masikuwo akadutsa, wogulitsa ali ndi ufulu wowerengera chilichonse mwatsopano. Zipangizo zopangira pulasitiki ndi inki zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, n'chifukwa chake kampani sizikonda kulonjeza mtengo kwa nthawi yaitali. Amene anali ndi makoteshoni m'manja mu Novembala 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, akukumbukira momwe mapepala aja anasandukira opanda ntchito.

Ngati masiku sanadutse, muli ndi poyambira kukambirana. Puleti inali K150,000 sabata yatha, lero yalembedwa K180,000, funsani chifukwa chake. Koma chenicheni ndi chakuti gulu lisamatenge masabata atatu likukangana za mtundu wa zilembo. Pomwe mukugwirizana, mtengo wapita.

Tinalipira kale dipoziti. Ndalama ija yapita?

Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti, "Mwafika pati?" Ngati sanayambe kalikonse, dipoziti yonse iyenera kusamukira ku oda yatsopano, ndipo koteshoni yatsopano ionetse ndalama yomwe munalipira kale ndi yotsala. Ngati puleti ya saizi yakale yapangidwa, yembekezerani kuilipira, chifukwa ili ndi dzina lanu ndipo sangaigulitse kwa wina. Zikatero musaitaye: pemphani akusungireni, mwina chaka chamawa mudzafuna mapaketi a makilogalamu 5. Ngati asindikiza kale mapaketi, amenewo ndi anu, mufune musafune.

Risiti ya dipoziti, kapena uthenga wa Airtel Money, Mpamba kapena wa kubanki, sungani pamodzi ndi makoteshoni onse awiri.

Tsiku lolandira katundu likhala lomwe lija?

Kawirikawiri ayi. Masiku amayamba kuwerengedwa mwatsopano, ndipo kampani zambiri zimayambira pa tsiku lomwe mwavomereza dizaini yomaliza ndi kulipira dipoziti, osati tsiku lomwe munatumiza uthenga. Saizi ikasintha, dizaini imayalidwanso kuti ikwane, ndiye adzakutumizirani chithunzi choti muvomereze. Chiwerengeni chilembo ndi chilembo. Cholakwika chomwe chimachitika kwambiri ndi chochititsa manyazi: paketi yatsopano ya makilogalamu 2 kutuluka italembedwabe 5 kg, chifukwa wojambula anangochepetsa chithunzi chakale. Mukavomereza chithunzi chotero, cholakwacho ndi chanu. Onaninso kuti dzina la gulu, keyala, ndi malo olembapo tsiku lolongedza sizinafinyike mpaka kusawerengeka. Ngati mpunga wanu uli ndi chiphaso cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndi bwino kufunsa ku bungweli musanasindikize chizindikiro chawo pa paketi ya saizi ina. Amene muli ndi bakhodi, saizi yatsopano imafuna nambala yakeyake.

Mtengo watsopano watikulira. Tingapemphe chiyani m'malo mongoti "tichotsereniko"?

Kungopempha kuti achotsere sikupita patali, ndipo akavomera msanga muzikayika kuti achotsa pati. Chothandiza ndi kufunsa mafunso omwe amachepetsadi ntchito kufakitale.

Funsani ngati ali ndi saizi yomwe amapanga kale yoyandikana ndi yanu. Mwina 22 ndi 33 alibe koma ali ndi ina yosiyana ndi sentimita imodzi kapena awiri, yomwe siifuna kutchera makina mwapadera. Funsani mtengo wa mitundu iwiri ndi wa umodzi pa pepala lomwelo, kuti gulu lione ndi maso kuti chofiira chija chikudya zingati. Pa chitsanzo chathu, chofiira ndi choyera chake zikudya K300,000, yomwe ndi K30 pa kilogalamu pa oda yoyamba. Funsaninso mtengo wa mapaketi 5,000 ndi wa 10,000. Ngati wa 10,000 watsika kwambiri ndipo mukudziwa kuti mudzakololanso, zikhoza kupindula, bola pakhale posungira pouma, posafika dzuwa ndi makoswe.

Ngati simunatsimikize kuti makilogalamu 2 ayendadi pa msika, ine ndimalangiza kuyamba ndi mapaketi osasindikiza n'kumata sitika. Saoneka bwino ngati osindikiza, ndipo kumata sitika pa mapaketi ambiri n'kotopetsa, koma simulipira puleti pa saizi yomwe mwina mudzaisiya pakatha miyezi iwiri.

Tasintha kale kawiri. Sitiwatopetsa tikapemphanso kachitatu?

Muwatopetsa ndithu, ndipo ena amayamba kuchedwa kuyankha kapena kuika kaye oda za ena patsogolo. Komabe kupempha kachitatu kuli bwino kusiyana ndi kulandira mapaketi 5,000 omwe simukuwafuna. Chomwe chimawakwiyitsa kwambiri si kuchuluka kwa makoteshoni, koma kulandira mauthenga osiyana kuchokera kwa anthu osiyana a gulu limodzi: wapampando waimba m'mawa kuti wofiira achotsedwe, mlembi walemba masana kuti akhalepo.

Kwathu tinagwirizana kuti woyankhula ndi kampani ndi mlembi yekha. Komiti ikakumana, timabweretsa sikelo, tepi, mpunga ndi mapaketi opanda kanthu a masaizi omwe tikuganizira. Zomwe tagwirizana zimalembedwa m'buku, wapampando ndi msungichuma amasainira, kenako mlembi amawerenga uthengawo mokweza onse akumva asanautumize.